Kuyesa yankho la ndagi ya anthu asanu pabenchi ya ku Limbe

Kwa inu nonse a kalabu ya masamu,

Pa mapepala amene mudandipatsa Lachitatu, la gulu la a Fomu 3 ndi limene ndalisankha kuti tiliyesere limodzi. Lidalembedwa mwaukhondo, ndipo pansi pake adalembapo kuti "tatsimikiza, palibe cholakwika." Mawu amenewa ndi amene andichititsa kutenga cholembera chofiira. Ndiyamba ndabwereza ndagiyo chifukwa ena mudajomba tsiku lija la chiperoni.

Anthu asanu akhala pabenchi imodzi ku Limbe, kudikira minibasi. Malo awo tawapatsa manambala 1 mpaka 5, kuyambira kumanzere kwa ife amene tikuwayang'ana. Choncho "kumanzere" ndi mbali ya nambala yaing'ono, "kumanja" ndi mbali ya nambala yaikulu. Anthuwo ndi telala, namwino, mlonda, mphunzitsi ndi kalipentala. Amakhala ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri, aliyense kwake. Anyamula ufa, makala, tomato, usipa ndi nzimbe, aliyense chinthu chimodzi.

1. Telala wakhala pakati.
2. Namwino amakhala ku Chilomoni.
3. Mlonda wagundizana ndi namwino, ndipo ali kumanzere kwake.
4. Mphunzitsi ali kumanzere kwa kalipentala.
5. Wa ku Ndirande wanyamula ufa.
6. Wa ku Zingwangwa wanyamula nzimbe.
7. Kalipentala sakhala ku Bangwe kapena ku Machinjiri.
8. Wa makala wakhala kumapeto kwa benchi.
9. Wa tomato wagundizana ndi wa makala.
10. Wa ku Chilomoni ali kumanzere kwa wa ku Ndirande.
11. Wa usipa wagundizana ndi wa ufa, ndipo ali kumanja kwake.
12. Mlonda sakhala ku Machinjiri.

Yankho la a Fomu 3 ndi ili:

Pa 1: mlonda, Bangwe, makala
Pa 2: namwino, Chilomoni, tomato
Pa 3: telala, Zingwangwa, nzimbe
Pa 4: mphunzitsi, Machinjiri, usipa
Pa 5: kalipentala, Ndirande, ufa

Ndisanakhudze mfundo ndimawerenga kaye mayina. Ntchito zonse zisanu zilipo, madera asanu alipo, akatundu asanu alipo, ndipo palibe chalembedwa kawiri. Musaseke. Pepala lina la mulungu womwewu lili ndi anthu awiri onyamula usipa, tomato osaoneka n'komwe.

Poyesa sindifunsa kuti yankho mudalipeza bwanji. Ndimaika chala chimodzi pa mfundo, china pa benchi, n'kufunsa funso limodzi lokha: zimene mfundoyi ikunena, zili choncho pano kapena ayi?

Mfundo 1: pakati pa malo asanu ndi pa 3, ndipo telala ali pomwepo. Chonga. Mfundo 2: namwino ali pa 2, Chilomoni ili pa 2. Chonga.

Mfundo 3 ikunena zinthu ziwiri, ndiye tiiyesa kawiri. Kodi agundizana? Mlonda pa 1, namwino pa 2, palibe munthu pakati pawo. Kodi mlonda ndiye ali kumanzere? 1 ndi yaing'ono kwa 2. Zonse ziwiri zatheka. Sungani kayesedwe kameneka, kabweranso.

Mfundo 4: mphunzitsi pa 4, kalipentala pa 5. Yatheka. Apa onani kuti mfundoyi siikunena zogundizana. Mphunzitsi akadakhala pa 1, kalipentala pa 5, ikadathekabe. Ena mumaiwonjezera mawu amene mulibe, kenaka n'kumakana mayankho abwinobwino.

Mfundo 5 ndi 6 sizivuta. Ndirande ndi ufa zonse zili pa 5, Zingwangwa ndi nzimbe zonse zili pa 3. Mfundo 7: kalipentala amulembera Ndirande, si Bangwe, si Machinjiri. Mfundo 8: benchi ili ndi mapeto awiri, 1 ndi 5, ndipo makala ali pa 1. Mfundo 9: tomato pa 2, makala pa 1, agundizana. Mfundo 10: Chilomoni pa 2, Ndirande pa 5, ili kumanzere ndithu, ndipo monga ya 4 ija, iyinso siifuna kuti agundizane.

Tachonga kakhumi motsatizana. Apa ndi pamene dzanja limayamba kuchonga lokha, maso atapita kale kunyumba. Ndikukhulupirira kuti a Fomu 3 adalemba "tatsimikiza" atafika cha pano.

Mfundo 11, mbali yoyamba: usipa pa 4, ufa pa 5, agundizana. Mbali yachiwiri: wa usipa akhale kumanja kwa wa ufa, kutanthauza kuti nambala yake ikhale yaikulu kuposa ya wa ufa. Usipa uli pa 4, ufa pa 5. Usipa uli kumanzere. Yalephera, ndipo siikadathekanso mwa njira ina iliyonse, chifukwa ufa ukakhala pa 5 ndiye kuti usipa ukufuna malo a nambala 6, pomwe benchi yathu idathera pa 5.

Mmodzi wa gululi adandipeza pakhonde n'kundiuza kuti, "Koma aphunzitsi, mukakhala pabenchipo n'kuyang'ana kwa ife, usipawo uli kumanja kwa wa ufa." Adaganiza bwino, ndipo akunena zoona: munthu wa pa 5 atatiyang'ana, mnzake wa pa 4 ali ku dzanja lake lamanja. Vuto ndi lakuti kawerengedwe kameneka sungakagwiritse ntchito pa mfundo imodzi yokha. Ukatembenuza manzere ndi manja pa mfundo 11, utembenuzenso pa 3, pa 4 ndi pa 10. Ukatero mlonda wa pa 1 wakhala kumanja kwa namwino, mphunzitsi wakhala kumanja kwa kalipentala, Chilomoni yakhala kumanja kwa Ndirande. Wapulumutsa mfundo imodzi, wapha zitatu. Ndiponso ndagiyo idaneneratu poyamba kuti tikuwerenga kuchokera kumanzere kwa ife oyang'ana.

Ndiyesabe mfundo 12 ngakhale yankho lagwa kale, kuti tidziwe kukula kwa bala. Mlonda ali ku Bangwe. Yatheka. Zatheka 11 pa 12. Kukadakhala kuti ndi mayeso a kumapeto kwa teremu, awa ndi malikisi okondweretsa makolo, koma ndagi siipereka malikisi a theka. Yankholi ndi lolakwika.

Tsono kukonza. Njira imene imabwera msanga m'mutu ndi yosinthanitsa ufa ndi usipa basi, ufa upite pa 4, usipa pa 5. Mfundo 11 yatheka. Koma bwererani pa mfundo 5: wa ku Ndirande, amene akadali pa 5, tsopano wanyamula usipa. Yagwa. Wina anena kuti ndiye Ndirande isamuke limodzi ndi ufa wake, ipite pa 4, Machinjiri ibwere pa 5. Mfundo 5 yachira, koma pa 5 pali kalipentala, ndipo mfundo 7 idamukaniza Machinjiri. Zili ngati kusoka chigamba pa nsalu yakutha, ukatseka apa pang'ambika apo. N'chifukwa chake mukasuntha kanthu kalikonse, kuyesa kumayambiranso pa mfundo 1, osati pamene mudalekezera.

M'malo mosunthasuntha mwa mwayi, tiyeni tione zimene mfundozo zikukakamiza. Telala ali pa 3, ndiye mlonda ndi namwino, poti agundizana, ali pa 1 ndi 2 kapena pa 4 ndi 5. Akakhala pa 4 ndi 5, namwino ali pa 5, Chilomoni pa 5, ndipo Ndirande isowa malo kumanja kwake monga ifunira mfundo 10. Choncho ali pa 1 ndi 2, ndipo mfundo 4 iika mphunzitsi pa 4, kalipentala pa 5. Kalipentala sangakhale wa ku Chilomoni poti n'kwa namwino, Bangwe ndi Machinjiri adamukaniza, ndiye watsala ndi Ndirande kapena Zingwangwa. Katundu wake ndi ufa kapena nzimbe, si makala. Makala apita pa 1, tomato pa 2. Mpaka apa a Fomu 3 adayenda bwino kwambiri.

Pa 3, 4 ndi 5 patsala ufa, usipa ndi nzimbe. Ufa ndi usipa ziyenera kutsatizana, ufa poyamba: 3 ndi 4, kapena 4 ndi 5. Usipa sungakhale pa 5 chifukwa taona kale kuti kalipentala ali ndi ufa kapena nzimbe. Ndiye ufa pa 3, usipa pa 4, nzimbe pa 5. Ndirande itsatira ufa, Zingwangwa itsatira nzimbe. Bangwe ndi Machinjiri zatsalira mlonda ndi mphunzitsi, ndipo mfundo 12 ndiyo igamula.

Pa 1: mlonda, Bangwe, makala
Pa 2: namwino, Chilomoni, tomato
Pa 3: telala, Ndirande, ufa
Pa 4: mphunzitsi, Machinjiri, usipa
Pa 5: kalipentala, Zingwangwa, nzimbe

Iri ndi yankho langa, ndipo nalonso likumana ndi cholembera chofiira chomwechi. Ntchito sizidasunthe, kotero mfundo 1, 3 ndi 4 zili monga kale: telala pa 3, mlonda pa 1 pambali pa namwino wa pa 2, mphunzitsi pa 4 kumanzere kwa kalipentala wa pa 5. Mfundo 2, namwino ndi Chilomoni pa 2. Mfundo 5, Ndirande ndi ufa pa 3. Mfundo 6, Zingwangwa ndi nzimbe pa 5. Mfundo 7, kalipentala tsopano ndi wa ku Zingwangwa, komwe sadamukanize. Mfundo 8 ndi 9, makala pa 1, tomato pa 2. Mfundo 10 ndiyofunika kuiyang'anitsitsa poti Ndirande yasamuka: Chilomoni pa 2, Ndirande pa 3, ikadali kumanzere. Mfundo 11, ufa pa 3, usipa pa 4, agundizana ndipo usipa uli kumanja. Mfundo 12, mlonda ku Bangwe. Zonse 12 zatheka.

Kuchonga konseku kukungotiuza kuti yankholi ndi lovomerezeka. Sikutiuza kuti ndi lokhalo. Anthu asanu angakhale pabenchi m'njira 120 (5 × 4 × 3 × 2 × 1), madera nawo 120, akatundu 120, ndipo mukachulukitsa zitatuzi mupeza 1,728,000. Ife tayesa makhalidwe ochepa chabe mwa amenewa. Chimene chatsimikiza kuti palibe yankho lina ndi ndime ziwiri zija za kukakamiza, pomwe pa sitepe iliyonse pamatsala njira imodzi.

Kuti muone kusiyana kwake, fufutani mfundo 10 m'makope mwanu. Yankho lathu lithekabe pa mfundo 11 zotsalazo, koma tsopano lili ndi mnzake. Ndikuyambirani: mphunzitsi ali pa 1, namwino pa 5, ndipo makala ali ndi namwino. Malizitsani benchi yonse, mulembe mfundo iliyonse pamzere wake ndi manambala a malo amene mwayang'ana, osati chonga chokha. Mapepala ndiwalandira Lachitatu likubwerali, mu kalasi ya Fomu 4, tikangoweruka.

Mphunzitsi wanu wa masamu