CHENJEZO KWA MAKASITOMALA ATHU: Pali peji yabodza imene ikugulitsa anapiye m'dzina lathu

Makasitomala athu nonse, abambo ndi amayi amene mumaoda anapiye ndi chakudya cha nkhuku pa shopu yathu ya ku Kawale kuno ku Lilongwe, chonde werengani uthengawu mpaka pamapeto musanatumize ndalama kwa wina aliyense. Pa Facebook pali peji imene yatenga dzina lathu, chizindikiro chathu ndi zithunzi zathu, ndipo ikulandira madipoziti a anapiye. Peji imeneyo si yathu. Amene akuyankha mauthenga kumeneko sitikuwadziwa, sanagwirepo ntchito kwa ife, ndipo alibe mwanapiye ngakhale mmodzi woti akupatseni.

Nkhaniyi tinaidziwa Lolemba, pa 3 Novembala. Titangotsegula m'mawa, panafika mayi wina wochokera ku Mponela atanyamula makatoni awiri oboolaboola, okonzeka kale kuikamo anapiye. Anali atadzuka m'bandakucha, wakwera minibasi, kenako kabaza kuchokera ku depoti. Anandionetsa foni yake nati, "Mayi, ndabwera kudzatenga anapiye anga 200, ndinalipira Lachinayi." Ndinatsegula buku la maoda, dzina lawo munalibe. Nditayang'ana mesejiyo ndinaona kuti K190,000 inapita ku nambala imene sindinaionepo, dzina la wolandira nalonso lachilendo. Mayiwo anangokhala pansi pa thumba la sitata, osalankhula kanthu kwa nthawi yaitali. Ndalamazo anakongola ku banki m'khonde, khola anali atasesa kale, utuchi atathira, makala a mbaula atagula. Tsiku limenelo sindinadye nsima. Pofika lero anthu asanu ndi mmodzi abwera kapena kutiimbira ndi nkhani yomweyi, ndipo mmodzi mwa iwo ndi mnyamata amene ali ku Joni, yemwe ankafuna kuyambitsira mayi ake bizinesi ku Dedza.

Akubawa sanasankhe nyengo ino mwangozi. Aliyense woweta akudziwa kuti mabuloila amafuna pafupifupi masabata asanu ndi limodzi kuti akule, choncho wofuna kugulitsa pa Khirisimasi ayenera kuika anapiye m'khola masiku omwe ano. Anthu muli pa liwiro, anapiye akusowa, ndipo munthu akamva kuti "atsala ochepa, lipirani lero" mtima umathamanga kuposa mutu.

Kusiyanitsa peji yathu ndi yawo n'kosavuta mukadekha. Iwo alemba dzina lathu lomweli koma kumapeto awonjezera mawu akuti "Official MW". Ife mawu amenewo tilibe. Mukalowa pa pejiyo n'kupita pa About, kenako pa Page transparency, muona tsiku limene peji inatsegulidwa: yathu ndi ya mu 2019, yawo inatsegulidwa pa 21 Okutobala 2025. Zithunzi zawo zonse anaziika tsiku limodzi, ndipo ndi zathu zakale zimene anakopera. Pa china ndili ine ndemwe nditavala epuloni yobiriwira, ndikuwerenga anapiye m'katoni. Chimenechi n'chimene chandipweteka koposa, poti mayi wa ku Mponela uja anandiuza kuti anakhulupirira chifukwa anaona nkhope yanga.

Onaninso mtengo. Iwo akulengeza anapiye 100 pa K95,000, ati n'kuwonjezerapo matumba awiri a sitata aulere ndi katemera wa chitopa. Mtengo umenewo ngakhale ife sitiupeza kumene timaoda. Amene munagulapo thumba la sitata chaka chino mukudziwa nokha kuti palibe wabizinesi angapereke awiri ulere n'kukhalabe pa msika. Akukananso kuti munthu akaone katundu. Mukawafunsa kumene kuli shopu akuyankha kuti "tili otanganidwa, ingotumizani, dalaivala akupezani." Mukalemba funso pansi pa chithunzi akufufuta msangamsanga n'kukukokerani ku inibokisi kapena ku WhatsApp. Ndalama zikangolowa, ena akuwauza kuti awonjezere K25,000 ya thiransipoti, ndipo akatumizanso imeneyo, nambala ija siipezekanso.

Tsono mvetsetsani mmene ife timagwirira ntchito, kuti wina akakuuzani zosiyana mudziwiretu. Tili ndi peji imodzi yokha, ino imene mukuwerengapoyi. Nambala zathu ndi ziwiri, ya Airtel ndi ya TNM, ndipo ndi zomwe zalembedwa pa chikwangwani cha pakhomo pa shopu komanso pamwamba pa lisiti lililonse limene tinakupatsanipo. Sizinasinthe chiyambire ndipo sitikuganiza zozisintha. Ife sitiyamba kukulemberani ku inibokisi kukupemphani dipoziti. Tilibe ejenti ku Blantyre, ku Mzuzu kapena kwina kulikonse. Sitipempha pini yanu ya Airtel Money kapena ya Mpamba, ngakhale nambala zachinsinsi zimene zimabwera pa meseji, ndipo wokupemphani zimenezo ndi wakuba ngakhale atalankhula mwaulemu chotani. Oda iliyonse timailemba m'buku, timakuuzani tsiku lodzatenga, ndipo wolipira pa foni timamuimbira kumutsimikizira tsiku lomwelo.

Pempho langa lalikulu ndi ili: musanalembe pini, werengani dzina la wolandira limene foni ikukuonetsani. Ngati si dzina limene lili pa lisiti lathu, siyani pomwepo, imbani nambala ya pa chikwangwani mundifunse. Ngati muli kutali ndipo simunagulepo kwa ife, tumani mbale wanu wa mu Lilongwe muno adzaone shopu ndi maso ake. Ndi bwino kuchedwa tsiku limodzi. Sindidzakwiya kuti mwandikayikira, ngakhale mutandiimbira katatu.

Kwa inu amene mwatumiza kale ndalama, pepani kwambiri, ndipo musachite manyazi. Anthuwa anakonza bodza lawo mwaluso moti ngakhale mlamu wanga ataiona pejiyo anayesa kuti tatsegula nthambi ina. Musafufute kanthu m'foni mwanu. Sungani meseji yotsimikizira kuti ndalama zapita, chifukwa m'menemo muli nambala ya wolandira, dzina lake, tsiku, nthawi ndi nambala ya malipirowo. Jambulani zonse zimene munakambirana nawo asanazifufute okha. Kenako pitani msanga ku ofesi ya kampani ya foni imene munatumizira ndalamazo mukanene kuti mwaberedwa, ndipo mukatero kakaonekereni ku polisi ya kufupi ndi kwanu mutatenga chiphaso chanu cha unzika. Kufulumira n'kofunika chifukwa ndalama zoterezi amazitapa kwa ejenti pasanapite nthawi. Simu khadi iliyonse m'Malawi muno imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, choncho nambala imene munatumizirako ndi poyambira penipeni pa kufufuza, ngakhale kuti akuba ena amagwiritsa ntchito ziphaso za anthu ena.

Ndikupemphaninso kuti musawaimbire kuwaopseza kapena kuwatukwana. Mukatero amangotaya simuyo n'kugula ina. Musaikenso pa magulu a WhatsApp chithunzi cha munthu amene mukumuganizira, chifukwa dzina lotuluka pa meseji likhoza kukhala la munthu wosalakwa amene anataya chiphaso chake. Asiyireni apolisi zimenezo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndiyenera kunena mosabisa, ngakhale chikundiwawa. Ndalama zimene zinapita kwa anthu amenewa sizinafike kwa ife, ndipo sitingathe kuzibweza. Ndikanakhala nazo ndikanatero. Chimene tingathe n'chakuti aliyense woberedwa amene abwere ndi meseji yake komanso umboni woti wakanena ku polisi, timuika patsogolo pa oda ya sabata yamawa, timugulitsa anapiye pa mtengo umene ife taodera popanda kuikapo phindu, ndipo katemera woyamba timupatsa ulere. Mayi wa ku Mponela uja tagwirizana kuti ayambe ndi anapiye 50, alipire akagulitsa.

Kumbali yathu, Lachiwiri tinakapereka dandaulo ku polisi pamodzi ndi zithunzi za pejiyo ndi nambala ziwiri zimene akubawa akhala akulandirira ndalama. Talemberanso kalata bungwe la MACRA, limene limayang'anira za mauthenga ndi makampani a mafoni m'dziko muno. Malawi ali ndi lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi milandu ya pa intaneti, lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, choncho nkhaniyi si yongodandaula n'kuisiya. Pejiyo taineneza kale kwa a Facebook ndipo tatumiza chikalata cha kaundula wa bizinesi yathu monga umboni woti eni dzina ndife. Koma pamene ndikulemba pano ikadalipo, ndipo dzulo lomweli yaikanso chilengezo china.

Apa ndi pamene tikufuna thandizo lanu. Lowani pa peji yabodzayo, dinani timadontho titatu tili cham'mwamba, sankhani Report, kenako sankhani chifukwa chonena za chinyengo kapena kunamizira kukhala bizinesi ina. Ikakufunsani bizinesi imene akuinamizira, lozani peji yathu ino. Mukamaliza dinani Block. Chonde onetsetsani bwino kuti mukuneneza yokhala ndi "Official MW" kumapeto, osati yathu. Musadine Like kapena Share pa zimene iwo aika, ngakhale cholinga chanu chili chochenjeza anzanu, chifukwa potero mukuthandiza kuti chilengezo chawo chifike kwa anthu ambiri. Musadinenso linki iliyonse imene angakutumizireni. Gawani uthenga uno m'malo mwake.

Ambiri mwa makasitomala athu okhulupirika sali pa Facebook n'komwe. Ndi amayi a m'magulu a banki m'khonde, azibambo opuma pantchito, achinyamata a m'makalabu a ulimi ku Mitundu, ku Nathenje, ku Nsaru, amene amangomva kwa mwana kapena mnansi kuti "ndaona anapiye otchipa pa foni." Awerengereni uthengawu. Ukatchuleni ku msonkhano wa gulu lanu sabata ino, ndipo amene muli ndi abale kunja amene amatumiza ndalama zogulira katundu kuno, atumizireni lero.

Shopu ndi yotsegula monga mwa masiku onse, Lolemba mpaka Loweruka, kuyambira 7:30 m'mawa mpaka 5:00 madzulo. Anapiye a sabata ino afika Lachisanu m'mawa, ndipo onse amene maina awo ali m'buku adzalandira monga tinapanganirana. Ngati simukutsimikiza kuti oda yanu inafika kwa ife, imbani lero tiyang'ane limodzi m'bukumo. Peji yabodzayo ikachotsedwa, kapena apolisi akatiuza china chimene tingathe kulengeza, tidzakudziwitsani pompano.

Ndine mwini shopu, m'malo mwa anyamata ndi atsikana onse ogwira ntchito pano.
Kawale, Lilongwe, Lachitatu pa 5 Novembala 2025.