Agogo, ndani awa ali pachithunzichi?

Okondedwa Agogo,

Muli bwanji kumudziko? Nanga miyendo ija ikukulolani kufika kudimba? Ife kuno ku Lilongwe tili bwino, ana akukupatsani moni. Ndapempha mphwanga amene mukukhala nayeyo kuti akuwerengereni uthengawu pang'onopang'ono, mukatha kudya, nkhuku zitalowa.

Titachoka komanga chiliza cha amayi, ndinatenga sutikesi yawo yabulauni ija. Ndinakhala miyezi osaitsegula, mtima unkakana. Loweruka lapitali ndinalimba mtima, ndipo pansi pa zitenje ndinapeza buku lawo la nyimbo. M'kati mwake munali chithunzi chakale, cha mtundu uja wopanda utoto, chaching'ono ngati chikhatho. Ngodya imodzi inadyedwa ndi chiswe. Ndapita nacho kushopu ya makompyuta, achiika pamakina ojambulira kuti chilowe m'foni, ndiye chimene ndatumiza pa WhatsApp chija. Chenichenicho ndachisunga bwino mu envelopu. Iwe mphwanga, ukamawaonetsa uzikulitsa ndi zala ziwiri, nkhope imodzi imodzi, ndipo mukhale pamthunzi kuti galasi la foni lisawathobwe m'maso.

Agogo, pachithunzipa pali anthu asanu ndi anayi. Ine ndazindikirapo mmodzi yekha, akulu anu, amayi awo a amayi anga, chifukwa cha mpata wa m'mano uja. Enawo sindikuwadziwa, ndipo a malume nawonso angopukusa mutu. Mwa onse amene anabadwira pakhomo paja mwatsala ndinu. N'chifukwa chake ndabwera kwa inu.

Tiyambe ndi malo. Anthuwa aima kutsogolo kwa nyumba ya njerwa zosawotcha, yofolera udzu, ya khonde lotsika. Kumanja kukuoneka nkhokwe yodzaza mpaka pakamwa, ndiye ndikuganiza kuti anajambula atangokolola. Kumbuyo kwenikweni kuli phiri, ndipo kwa ine likuoneka ngati la Nkhoma. Kodi pamenepa ndi pamudzi pathu pakale paja, musanasamukire kufupi ndi msewu? Kapena ndi kuchitengwa kwa wina? Pali mtengo wa mango wamng'ono, wongofika m'mapewa a munthu. Ndadzifunsa ngati si womwe uja timakhala pansi pake tikabwera, umene lero anthu awiri sangaukumbatire.

Pakati pakhala bambo wachikulire pampando wa ndalema. Wavala jekete koma alibe nsapato, chipewa wachiika pabondo, ndipo wagwira ndodo yopindika kumutu. Momwe ena onse amuzungulira, ayenera kuti anali munthu wamkulu pabanjapo. Kodi ndi bambo anu, kapena ndi malume anu, eni mbumba? Ndodoyo mukuikumbukira? Pambali pawo, pamphasa, pakhala mayi wa duku loyera ndi bulauzi yoyera, ngati mmene amavalira amayi a Chigwirizano. Atambasula miyendo, manja ali pamiyendo. Pamasaya pawo ndikuona timizere, sindikudziwa ngati ndi mphini kapena kungokalamba kwa pepala.

Amene wandisowetsa tulo ndi mnyamata waima kumapeto, kumanzere. Ndi wamtali kuposa onse, wavala buluku lotambalala kumiyendo ndi wotchi yapamkono, ndipo dzanja lake lili pachishalo cha njinga. Njingayo ikuwala, ikuoneka kuti inali yatsopano, mwina Humber kapena Raleigh. Amayi ankatiuza za mchimwene wanu amene anapita ku Wenela, nabwerako kamodzi ndi njinga ndi bulangeti, kenaka n'kupitanso osabwerera, n'kusanduka mtchona. Dzina lake sankalitchula, ankangoti "a malume a ku Joni". Kodi ndi ameneyu? Ngati ndi iyeyo, ndiye kuti chithunzichi chinajambulidwa ulendo umene anabwera uja. Paja a Kamuzu analetsa ulendo wa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu amene ankabwerera kwawo. Iye anapita komaliza ngoziyo isanachitike? Anakalembetsera kuti, ndipo anamuperekeza ndani? Kapena mwina ndasokoneza, anapita ndi Mthandizi ku Salisbury? Ngati nkhani imeneyi ikukuwawani, Agogo, isiyeni. Mungondiuza dzina lake lokha, kuti ana anga adziwe kuti kunali munthu wotere.

Akulu anu aima kumbuyo kwa bambo wa pampando, anyamula khanda lokutidwa m'shawelo yoluka. Nkhope ya khandalo sikuoneka, chikuoneka ndi kaphazi kamodzi kotulukira kunja. Ndakayang'ana kaphazi kameneka nthawi yaitali. Kodi ndi amayi anga? Kapena ndi mwana uja anatsogola ali wakhanda, amene amayi ankati anabadwa iwo asanabadwe? Ngati linali tsiku la ubatizo, mwina mukumbukira mbusa amene anabatiza, kapena ngati munapha mbuzi.

Pafupi ndi akulu anu pali mwamuna wa malaya oyera, waima motalikirako pang'ono ngati mkamwini wamanyazi. Agogo aamuna sindinawaonepo ngakhale pachithunzi, ndiye sindingadziwe ngati ndi iwowo. Kutsogolo kwakhala anyamata awiri a makabudula, wina wanyamula wailesi pamiyendo, mwina ya Nzeru ija. Ndipo pali mtsikana wa diresi la maluwa, tsitsi lomanga ndi ulusi, amene sakuyang'ana wojambula. Akuseka, maso ali cha kumbali, ngati wina wamuyankhula. Agogo, masaya amenewo ndi anu. Ndikunama? Ngati ndinu, anakusokerani diresilo ndani, ndipo ankakuseketsani ndani?

Kuseri kwa chithunzi kunalembedwa ndi pensulo, koma zinafufutika. Ndikungowerengapo "19" basi. Chaka musavutike nacho kuchiwerengera, ingondiuzani zimene zinkachitika. Kodi tinali titalandira kale ufulu wa 1964? Pogula mchere munkalipira mashereni ndi mapeni, kapena kwacha ndi tambala zinali zitabwera? Zimenezo zinayamba mu 1971. Inu munali mutatha msinkhu? Munali mutakwatiwa? Likulu linali likadali ku Zomba? Ndipo wojambulayo anali ndani: munthu wa ku mishoni, mphunzitsi, kapena aja ankayenda panjinga m'midzi ndi kamera?

Mafunso achuluka, ndikudziwa, ndipo si a tsiku limodzi. Lero mukhoza kungonena za munthu mmodzi, mawa wina. Mukatchula munthu, munene dzina lake lobadwa nalo, la kutchalitchi ngati linalipo, mfunda wake, kumene anakwatira kapena kukwatiwa, ndi kumene anagona. Ngakhale dzina lomunyoza nalo ndikulifuna. Amene simukumudziwa, nenani kuti simukumudziwa, ndipo amene mukumukayikira nenani kuti mukukayikira, ndidzalemba momwemo. Ngati pamudzipo pali anzanu a msinkhu wanu, aonetseni nawonso, mwina wina mwa anthuwa anali mlendo chabe kapena mnansi.

Iwe mphwanga, usalembe zimene agogo akunena. Dina kachizindikiro ka maikolofoni ujambule mawu awo, ngakhale atapatuka n'kuyamba nkhani ina, usawadule. Ndakutumizira ndalama ya mayunitsi.

Kumapeto kwa mwezi uno ndibwera. Ndachapitsa chithunzichi kuti chikhale chachikulu ngati tsamba la kalendala, kuti mudzaone bwino popanda foni, ndipo chimenecho chidzakhala chanu. Ndidzatenga kope ndi cholembera, shuga ndi mafuta opaka miyendo aja. Mundiuze ngati pali china chimene chatha pakhomopo.

Mulungu akusungeni, Agogo.

Ndine mdzukulu wanu,
mwana woyamba wa malemu mwana wa akulu anu