Fetereza wanu achedwa ndi masabata awiri

Bambo Phiri,

Takupatsani moni. Matumba anu 200 a fetereza wa Urea aja safika pa 10 Novembala monga tinapangana. Sitima inafika kale ku Beira, koma ikudikirabe panyanja chifukwa padoko padzaza, malo otsitsira katundu kulibe. Akangotsitsa, malole anyamuka kudzera ku Tete ndi Mwanza, ndipo tikuyembekeza kuti katundu afika ku Limbe pa 24 Novembala.

Pepani kwambiri, tikudziwa kuti alimi ayamba kale kukufunsani poti mvula ili pafupi. Mtengo susintha. M'nyumba yosungira katundu tatsala ndi matumba 40. Ngati mungawafune kuti mugwirizireko, tiimbireni lero tikusungireni.

Ndine wanu,
Grace Banda
Woyang'anira malonda