Dandaulo langa pa mawu onyoza ndi oopseza omwe ndinalandira ku weyahausi pa 20 Meyi (lachinsinsi chonde)

Kwa mayi mkulu woona za ogwira ntchito,

Mayi, ndikulemba monga munandiuzira dzulo kuti zomwe tinakambirana mu ofesi mwanu ndiziike pa pepala kuti pakhale poyambira. Ndine kalaliki wa pa sikelo ku weyahausi yathu ya ku Kanengo, ndagwira pamenepa zaka 3 ndi miyezi 4 ndipo aka ndi koyamba kuti ndilembe dandaulo lokhudza mnzanga wapantchito. Mayina onse, langa, la omwe ndikuwadandaulawo komanso a mboni, ndalemba pa kapepala kapadera kamene ndakupatsani m'manja mu envelopu yomata, muno ndingotchula maudindo basi, chifukwa imelo imatha kupita kwa munthu wolakwika ndi kungodina kamodzi ndipo sindikufuna dzina la munthu liyende m'mafoni nkhani isanamvedwe mbali zonse.

Zinachitika Lachiwiri pa 20 Meyi 2025. Cha m'ma 3 koloko masana kunafika thiraki yochokera ku Mchinji itanyamula soya, pepala la katundu lomwe adalaivala anandipatsa linalembedwa matumba 600 a makilogalamu 50, amene ali matani 30. Anyamata atatsitsa ndinawerenga ndinapeza 588, ndinaganiza kuti mwina ndasokoneza ndine poti tsiku limenelo mathiraki anali ambiri, ndiye ndinapempha mmodzi mwa anyamata otsitsa kuti tiwerengenso limodzi mzere ndi mzere, anatulukabe 588. Ndinalemba 588 mu buku la katundu wolowa komanso pa lisiti. Apa ndineneretu kuti sindikunena kuti wina anaba matumba 12 aja, sindinaone munthu akuchotsa thumba ngakhale limodzi, mwina anapakira operewera kumene kochokera, zimenezo azifufuza oyenera. Ndazitchula chifukwa ndi pomwe panayambira mkangano.

Nthawi ili cha m'ma 3:40 a supavaiza a shifiti ya masana anabwera pa tebulo langa n'kundiuza kuti ndifufute ndilembe 600 kenako ndisayine kuti thiraki inyamuke. Ndinawayankha kuti bwana sindingasayinire katundu amene sindinamuone, koma ngati mukufuna tiwerengenso kachitatu inu muli pompo. Anakana zowerenganso. Mawu omwe ananena pamenepo, mokweza ndithu moti anyamata anasiya kaye kugwira ntchito, ndi awa ndipo ndikuwalemba mmene ndinawamvera: "Iwe ndiwe chitsiru, galu wachabechabe, sukulu yake iti imene ungandiphunzitse nayo ntchito ine." Pepani mayi polemba mawu otere kwa inu, koma ndaona kuti ndikangoti "ananditukwana" simungadziwe kukula kwake, komanso iwo sangadziwe choti ayankhe.

Ine sindinabweze chitukwano. Koma ndinene chilungamo, nanenso ndinakweza mawu, ndinati "musandiyankhule choncho, ine si mwana wanu" ndipo ndinatseka buku mwamphamvu. Mboni zikakuuzani zimenezi mudziwe kuti n'zoona.

Chomwe chandipangitsa kulemba kwenikweni si chitukwanocho ayi, ndi zomwe zinatsatira. Thiraki itanyamuka ndi lisiti la 588, cha m'ma 4:15, ndinapita kukasamba m'manja pa mpope wa kuseri kwa ofesi ya sikelo ndipo a supavaiza anandipeza pamenepo. Anaima pafupi kwambiri, ngati sitepe imodzi kuchoka pomwe ndinali, anandiloza ndi chala kumaso koma sanandikhudze, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndikudziwa pomwe umatsikira minibasi ku Eliya 25, usamale, tsiku lina sudzafika kwanu." Anabwereza mawu oti usamale kawiri kenako n'kuchoka. Sanandimenye, sananyamule chida chilichonse chomwe ndinachiona, ndipo sindinganene zomwe zinali mu mtima mwawo, ine ndikungonena zomwe makutu anga anamva. Koma malo amene anatchulawo ndi oona, ndimatsikiradi kumeneko ndipo nthawi ino ya zokolola timaweruka mochedwa moti ndimafika kutada kale.

Usiku womwewo nthawi ya 8:52 ndinalandira meseji ya pa WhatsApp kuchokera pa nambala yawo, yomweyo imene ili pa gulupu ya shifiti yathu, yolembedwa kuti "ukapita nazo ku ofesi uona." Sindinayankhe. Ndinajambula sikilinishoti yoonetsa nambala, tsiku ndi nthawi, ndipo zinakhala bwino kuti ndinatero chifukwa m'mawa ndinapeza meseji ija itafufutidwa, pangotsala kachizindikiro kosonyeza kuti panali meseji. Tchati yonseyo sindinaikhudze, ili mu foni mwanga mmene inalili ndipo ndine wokonzeka kukuonetsani pamaso. Sikilinishotiyo sindinatumizire munthu aliyense, ngakhale pa imelo ino sindinaiikepo mpaka mundiuze njira yoyenera yokupatsirani.

Za mboni zili chonchi. Mawu a pa tebulo anamvedwa ndi anyamata awiri otsitsa katundu, mmodzi ndi uja tinawerengera limodzi matumba, komanso adalaivala a thirakiyo anali chapafupi ngakhale iwowo si ogwira ntchito pano. Mawu a pa mpope panalibe amene anaima nafe, koma alonda a pa geti la kuseri anationa titaima, sindikudziwa ngati anamva chilichonse ndipo sindinawafunse dala, kuopa kuti zingaoneke ngati ndikuwaphunzitsa zokanena. Pali kamera imene imayang'ana pa khomo la ofesi ya sikelo, ndikupempha kuti zithunzi za tsiku limenelo kuyambira 3 koloko mpaka 5 koloko zisungidwe msanga zisanafufutike. Anyamata awiriwo ndi aganyu, amalipidwa pa tsiku ndipo amene amasankha woti agwire mawa ndi a supavaiza omwewo, ndiye chonde powafunsa muwaitane payekhapayekha komanso malo oti ena asaone, asaluze ganyu chifukwa cha nkhani yanga. Ameneyu ndi mtima wanga weniweni mayi, anyamatawa ali ndi mabanja.

Mwina mufunsa ngati zinayamba zachitikapo. Kamodzi, pa 13 Meyi, tsiku loti mawa lake ndi holide ya Kamuzu, anandinena kuti ndine wochedwa ngati nkhono pamaso pa anzanga, ndinangozisiya chifukwa ndinaona ngati kutopa kwa ntchito basi ndipo sindikuziwerengera ngati chiopsezo. Ndamvapo anthu akunong'ona zina zokhudza iwo koma zimenezo sindinazione ndi maso anga ndiye muno sindizilemba, mwini nkhani ngati alipo abwere yekha.

Chichitikireni zimenezi sindikugona bwino. Lachitatu ndinabwera ku ntchito koma manja amanjenjemera polemba malisiti, ndipo madzulo achimwene anga anachita kudzandichingamira pa siteji, dzulonso chimodzimodzi, zomwe sizingapitirire chifukwa nawonso ali ndi ntchito yawo. Iwowo ndi mayi anga ndi okhawo akunyumba amene ndawauza, ndipo ndawapempha kuti asapite kukakumana ndi a supavaiza kapena kulemba chilichonse pa Facebook. Kuntchito kuno ndauza inu nokha. Pa gulupu ya shifiti sindinalembepo kanthu ndipo sindilemba.

Zomwe ndikupempha si zambiri. Choyamba ndi chitetezo changa, kuti pamene nkhaniyi ikufufuzidwa ine ndi iwo tisakhale shifiti imodzi kapena pasakhale nthawi yoti tatsala awiriwiri, ndipo ngati n'kotheka masiku ano ndiziweruka kusanade. Ndikupempha kuti kusinthako kusaoneke ngati chilango kwa ine, ndisachotsedwe pa sikelo kapena kudulidwa ovataimu chifukwa choti ndadandaula. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 31, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo komanso motetezeka, ndipo lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito la 1997 limapereka udindo umenewo kwa olemba ntchito, ndiye ndabwera kwa inu poyamba chifukwa ndikukhulupirira kuti nkhaniyi ingathe kukonzeka pakhomo pano.

Chachiwiri, a supavaiza apatsidwe mpata woyankha. Sindikulemba kuti munthu achotsedwe ntchito, chigamulo si changa, ndipo ndikudziwa kuti lamulo la ntchito la 2000 pa ndime 57 limati munthu asachotsedwe pa zifukwa za khalidwe asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Ndikumvetsa kuti kuti ayankhe bwino ayenera kuuzidwa zomwe ndanena komanso kuti wanena ndine, zimenezo ndavomera, chinsinsi chomwe ndikupempha si chobisira iwo ayi koma kuti nkhani ikhale pakati pa okhawo oyenera kuidziwa, inu, amene mumusankhe kuti afufuze, iwo eni ake ndi mboni pa mbali yokhayo imene ikuwakhudza. Koma chonde mundidziwitse tsiku limene mukufuna kuwauza lisanafike, kuti tsiku limenelo ndikonzekere za kayendedwe kanga, komanso muwauze momveka kuti asandiimbire, asandilembere meseji kapena kutuma munthu kwa ine kapena kwa mboni. Kalatayi isapulintidwe pa pulinta ya onse ija ya pa risepushoni, mapepala amagona pamenepo mpaka mawa ndipo aliyense wodutsa amawerenga.

Pa tsiku lomva nkhani ndikupempha kubwera ndi mnzanga mmodzi wapantchito woti angokhala nane, ndipo ngati wina angaganize zoti tingogwirana chanza mu ofesi nkhani n'kutha, ndinene pano kuti pakadali pano sindili wokonzeka kukhala nawo chipinda chimodzi popanda inu. Chitukwano chokha ndikanatha kulandira kupepesa, koma mawu otchula pomwe ndimatsikira usiku ndi ena.

Ku polisi sindinapitebe. Ndikufuna mudziwiretu kuti ndikalandira meseji ina yoopseza kapena ndikawaona kufupi ndi kwathu ndipita kukanena ku polisi ya Kanengo tsiku lomwelo, ndipo ndidzakudziwitsani, si kuti ndikuopseza kampani koma kunja kwa geti inu simungandilondere. Njira ya ku ofesi ya leba ndikuidziwanso koma sindikufuna tifike kumeneko.

Zonse ndalemba muno ndi zomwe ndinaona ndi kumva ndekha, nthawi ndazitenga mu buku la katundu ndi mu foni, kupatula ya 4:15 imene ndangoyerekeza ndipo ikhoza kusiyana ndi maminitsi ochepa. Chonde mundiyankhe pa imelo yomweyi kuti mwalandira, komanso mundiuze amene aziyendetsa nkhaniyi ndi tsiku loti ndiyembekezere kumva kanthu. Mukafuna kundiimbira, nthawi yabwino ndi ya lanchi, 12 koloko mpaka 1 koloko, pamene ndimakhala ndili ndekha.

Zikomo mayi pondimvetsera dzulo.

Ine,
Kalaliki wa pa sikelo, weyahausi ya Kanengo
Lachisanu, 23 Meyi 2025