Kalembedwe ka zolemba zathu tikatha kupereka uphungu

Kwa aphungu onse amene mumathandiza anthu a pa TARV, chithandizo cha mankhwala a HIV, m'zipatala zimene ndimayendera kuno ku Angoniya.

Anzanga, mwezi uno ndakhala ndikuwerenga mafayilo a anthu amene mwacheza nawo. Uphungu wanu ndimaudziwa, ndakhala nanu m'zipinda ndipo ndamva mmene mumalezera mtima. Koma zimene zikutsala papepala sizikufanana ndi ntchito yabwinoyo. Fayilo ina yangolembedwa kuti "walangizidwa", basi. Ina yalembedwa kuti "ndi wosamva, amanama, sasamala za moyo wake". Yoyambayo siithandiza aliyense. Yachiwiriyo imapweteka munthu, chifukwa fayilo imakhala zaka, ndipo namwino amene adzaitsegule chaka chamawa adzamulandira munthuyo ali kale ndi mkwiyo, asanamve n'komwe mawu ake.

Pempho langa ndi limodzi: lembani zimene mwamva ndi zimene mwaona, mwa njira yoti mwini wake atakhala pambali panu n'kumawerenga, angavomere kuti zinalidi choncho.

Tengani mawu akuti "amanama". Kodi inu munaona chiyani kwenikweni? Mwina bamboyo ananena kuti amamwa tsiku lililonse, koma m'botolo munatsala mapiritsi 17 pamene anayenera kutsala 3. Lembani zimenezo, zonse ziwiri, ndipo lembaninso zimene anayankha mutamufunsa. Mwina ali ndi botolo lina kudimba. Mwina anabwereka kwa mkazi wake. Mukalemba kuti "amanama", mwatseka funso limene mnzanu akanafunsa. Chimodzimodzi "chidakwa": lembani kuti "akuti amamwa kachasu Lachisanu ndi Loweruka, ndipo masiku amenewo sadya madzulo komanso amaiwala mankhwala". Apa pali poyambira. M'malo mwa "anakana kuuza mwamuna wake", lembani kuti "akuti sanakonzeke kuuza mwamuna wake", ndi chifukwa chimene watchula. Ndipo munthu amene sanabwere pa tsiku lake, lembani tsikulo, tsiku limene wabwera ndi chimene chinamugwira. Tonse tikudziwa mmene misewu ya kumidzi imakhalira mu Janyuwale ndi Febuluwale, ndiponso kuti nthawi yothyola fodya kapena yokumba mbatatesi munthu sachoka kumunda wamba.

Tiziyendera magawo anayi. Si zachilendo, ndi dongosolo la SOAP limene dokotala wa ku Amereka Lawrence Weed anayambitsa m'zaka za m'ma 1960, ndipo madokotala athu amalidziwa: zimene munthu wanena, zimene inu mwaona, mmene mukuionera nkhaniyo, ndi zimene mwagwirizana. Nachi chitsanzo chonse, cha munthu wongopeka.

Tsiku: 14/05/2025. Nthawi: 09:20 mpaka 09:55. Nambala ya fayilo: 0417. Mayi wa zaka 34. Kucheza kwachiwiri pa katatu, chifukwa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi kunapezeka pa 4,200 mwezi watha. Tinacheza m'Chichewa, tili awiri okha.

Zimene wanena: Akuti pa masiku 14 apitawa anadumphitsa mankhwala kanayi. Botolo amasunga kwa mkulu wake, nyumba yachitatu kuchokera kwawo, chifukwa sanauze amuna awo. Sabata ino akukumba mbatatesi, amachoka kusanache ndipo amabwera kutada, mkulu wake atagona. Mawu ake: "Ndikawauza andithamangitsa, nanga ana ndipita nawo kuti?" Nditafunsa za nkhanza, anati amunawo amakalipa akamwa koma sanamumenyepo. Nditafunsa ngati amaganizapo zodzipha, anati ayi. Akuti tulo amapeza movutikira.

Zimene ndaona: Wabwera yekha, pa tsiku lake. Analira potchula za ana, kenaka anapitiriza kulankhula momveka. M'botolo mwatsala mapiritsi 20, pamene anayenera kutsala 16, zogwirizana ndi zimene wanena. Anafunsa yekha ngati chiwerengero cha kachilombo chingatsikenso.

Mmene ndikuionera: Akumvetsa ubwino wa mankhwala ndipo akufuna kumwa. Chimene chikuoneka kuti chikumulepheretsa ndi malo osungira botolo komanso mantha otaya banja. Mwezi watha anadumphitsa kasanu ndi kawiri pa masiku 14, ndiye pali kusintha. Mkulu wake akumuthandiza. Lero sindinapeze chizindikiro choti moyo wake uli pangozi.

Zimene tagwirizana: Mayi wasankha kusunga mapiritsi a sabata imodzi m'kachikwama kake ka ndalama, ndi kumwa madzulo akamaliza kuphika. Wati nkhani youza amuna awo tidzaikambe ulendo wamawa, sanafune kuti tiyambe lero. Ine ndimuuza namwino za vuto la tulo lero lomwe, ndipo mayi wavomera. Sakufuna kuyenderedwa kunyumba kapena kuimbiridwa foni. Tidzakumananso pa 11/06/2025. Ndidzafunsenso za nkhanza ndi za tulo.

Pansi pake dzina lanu, udindo wanu ndi siginecha.

Taonani gawo lachitatu, chifukwa ndi pamene ambiri mumaterereka. Maganizo anu ndi ofunika, n'chifukwa chake ali ndi malo awoawo, koma ganizo lililonse likhale ndi mwendo woimira m'magawo awiri oyambawo. Gwiritsani ntchito mawu ngati "zikuoneka kuti". Musatchule dzina la matenda a m'maganizo; ameneyo ndi udindo wa dokotala kapena wa ogwira ntchito za thanzi la maganizo. Inu lembani kuti sakugona, sakudya, wasiya kupita kutchalitchi, ndipo mutumizeni. Ndipo chonde musaiwale kulemba zimene munthuyo akuchita bwino. Mayi uyu wabwera yekha pa tsiku lake m'kati mwa sabata yokumba mbatatesi. Chimenecho n'chachikulu, ndipo wowerenga ayenera kuchiona.

Mzere wonena kuti sakufuna kuyenderedwa kunyumba ndi umene ndimauyang'ana choyamba. Ukasowa, woyendera m'mudzi akhoza kugogoda pakhomo ndi mtima wabwino n'kuulula chinsinsi cha munthu kwa mwamuna wake.

Si zonse zimene mwamva zoyenera kulowa m'fayilo. Kuno tonse timadziwana, wonyamula mafayilo akhoza kukhala mlamu wa wodwalayo. Maina a zibwenzi, a apongozi, a anansi, musalembe. "Mkulu wake" kapena "amuna awo" zakwana. Nkhani imene siikhudza chithandizo isiyeni m'chipinda. Kwa amene mumakhala ndi magulu a GAAC, a anthu osinthana kukatengerana mankhwala kuchipatala, amene anayambira m'chigawo chathu chino cha Tete mu 2008, zimene membala wanena za mnzake zisalembedwe m'fayilo ya mnzakeyo ngati kuti mwaziona nokha. Musajambule fayilo ndi foni, ngakhale kuti munditumizire ine.

Koma pali zimene siziyenera kusowa: munthu akatchula zodzipha, kumenyedwa, kapena mwana amene akuchitiridwa nkhanza, lembani mawu ake enieni, zimene munachita, amene munamuuza ndi nthawi yake. Mukafunsa n'kuyankhidwa kuti ayi, lembaninso kuti munafunsa.

Ndikudziwa kuti mafomu athu ndi a Chipwitikizi. Magawo anayiwa alembeni m'Chipwitikizi monga mwa nthawi zonse, koma mawu a munthu mwini, pamene ali olemera, asiyeni m'Chichewa n'kumasulira pambali. Lembani musanaitane munthu wotsatira, ngakhale mzere utalike. Mphindi zisanu zikwana, ndipo pofika masana nkhani za anthu khumi zimakhala zitasakanikirana m'mutu. Mukalakwitsa, dulani ndi mzere umodzi woti mawu azionekabe, lembani tsiku ndi kusainira. Musafufute.

Pa msonkhano wathu wa kumapeto kwa mwezi ku Ulongwe, aliyense abwere ndi zolemba ziwiri zokopera pa pepala lina, zopanda dzina, nambala kapena mudzi, kuti tidzawerengere limodzi.

Ine wanu,
Woyang'anira aphungu