Kuwonkhetsa ndi Zithunzi: Pepala la Sitandade 1, Salima

Mphunzitsi awerenge malangizowa mokweza, popeza ana ambiri sanayambe kuwerenga okha.

Ana inu, lozani chithunzi chilichonse ndi chala, muwerenge zinthu za kumanzere, kenako mupitirize ndi za kumanja osayambiranso pa 1. Kuwerengera zala n'kololedwa, ndipo mayankho onse akwana pa zala za manja awiri.

1. 🐟🐟🐟 + 🐟🐟 Msodzi wa ku Senga Bay wagwira chambo zitatu m'mawa ndi ziwiri madzulo. Nenani nsomba zonse pamodzi.

2. 🥭🥭🥭🥭 + 🥭🥭🥭 Mango onsewa ndi angati?

3. 🥚🥚🥚🥚🥚 + 🥚🥚🥚🥚 Pano dzanja limodzi ladzaza, choncho mazira anayiwo muwawerengere ku dzanja linalo.

Pomaliza, jambulani nthochi 2 ndi zina 6 m'kope mwanu, ndipo mulembe nambala ya zonse pansi pake.