Phunziro lachitatu: ser ndi estar m'Chisipanishi

Loweruka lapitali, nditafunsa kuti mwaswera bwanji, m'modzi wa inu anayankha kuti *soy cansado*. Ankafuna kunena kuti watopa, koma zimene zinamveka n'zakuti iye ndi munthu wotopetsa anzake. Tinaseka, ndipo ndinalonjeza kuti ndilemba phunziroli kuti muziwerenga kunyumba mofatsa. Musachite nalo mantha. Amene amavutika kwambiri ndi ser ndi estar ndi anthu olankhula Chingelezi, chifukwa chiyankhulo chawo chili ndi mneni m'modzi yekha, to be, pa ntchito imene Chisipanishi chimagwiritsa aneni awiriwa. Ife a Chichewa kusiyanaku tinayamwira.

Tamvani ziganizo ziwiri izi: "Ndine mphunzitsi" ndi "Ndili m'kalasi." Palibe Mchewa anganene kuti "ndili mphunzitsi" pouza mlendo ntchito yake, kapena "ndine m'kalasi" pouza mnzake komwe ali. Choyambacho chikuyankha funso lakuti ndinu ndani, kapena ichi n'chiyani. Chachiwiricho chikuyankha kuti muli kuti, kapena muli bwanji. Chisipanishi chinagawa ntchitoyi pafupifupi chimodzimodzi. Pamene ife timati ndine, ndiwe, ndi, iwo amagwiritsa ntchito ser. Pamene timati ndili, uli, ali, iwo amatenga estar.

Soy profesor. Ndine mphunzitsi.
Estoy en la clase. Ndili m'kalasi.

Choyamba lowezani pamtima mmene aneni awiriwa amasinthira m'nthawi yatsopano. Apa palibe chidule, makamaka pa ser amene amasintha nkhope ngati bilimankhwe.

Ser: yo soy, ndine; tú eres, ndiwe; él, ella kapena usted es, iye ndi, kapenanso ndinu mwaulemu; nosotros somos, ndife; vosotros sois, ndinu ambiri; ellos kapena ustedes son, iwo ndi.

Estar: estoy, ndili, estás, uli, está, ali, estamos, tili, estáis, muli, están, iwo ali.

Sois ndi estáis mudzawamva ku Sipeini. Ku Mekisiko, ku Kolombiya ndi maiko ena a kumeneko amangoti ustedes son ndi ustedes están kwa gulu lililonse, kaya la ana kaya la akuluakulu. Kachizindikiro kali pamwamba pa a mu está musamakaiwale. Kamakuuzani kuti mawu atsindike kumapeto, ndipo mukakasiya mwalemba esta, kutanthauza "iyi" kapena "uyu". Esta casa está lejos, nyumba iyi ili kutali: mawu awiriwo ali m'chiganizo chimodzi koma ntchito zawo n'zosiyana.

Tiyambe ndi ser. Mukamadzidziwitsa kwa munthu, pafupifupi zonse zimene munganene zimayenda ndi ser: mtundu wanu, kwanu kochokera, ntchito yanu, chibale chanu ndi munthu wina. Soy de Malaui, ndine wa ku Malawi. Ella es mi hermana, uyu ndi mchemwali wanga. Mi padre es médico, bambo anga ndi dokotala. Onani kuti sanena un médico. Pa ntchito ya munthu kamawu ka un kapena una kamasiyidwa. Ser amanenanso mwini wa chinthu komanso chimene chinapangira chinthucho. El teléfono es de mi madre, foniyi ndi ya mayi anga. La mesa es de madera, tebulo ili ndi lamatabwa. Maonekedwe ndi khalidwe la munthu nazonso ndi za ser: mi hermano es alto, mchimwene wanga ndi wamtali, la vecina es amable, mayi woyandikana nafe ndi wokoma mtima.

Lamulo limodzi lokha ndi limene ndingalumbirire kwa woyamba kumene: ngati mawu otsatira mneniyo ndi dzina, monga dokotala, mlongo, nyumba, galu, tengani ser. Es un perro, ndi galu. Musanene está un perro ngakhale galuyo mwangobwereka kwa tsiku limodzi.

Estar anachokera ku mawu a Chilatini akuti stare, otanthauza kuimirira. Mukakumbukira zimenezi mwagwira mchira wake, chifukwa ntchito yake yoyamba ndi kunena pamene chinthu chaima. ¿Dónde está el baño? Chimbudzi chili kuti? Funso limeneli lidzakupulumutsani tsiku lina, lilowezeni. Las llaves están en la mesa, makiyi ali patebulo. Estamos en el mercado, tili kumsika. Ntchito yachiwiri ndi kunena mmene munthu kapena chinthu chilili, ndipo apa moni wawo amagwirizana ndi wathu liwu ndi liwu. ¿Cómo estás? Uli bwanji? ¿Cómo está usted? Muli bwanji? Estoy bien, ndili bwino. Soy bien kulibe m'Chisipanishi, monga mmene "ndine bwino" kulibe m'Chichewa.

Pali malo amene Chichewa sichinena "ndili" koma tanthauzo lake n'lomwelo. Ife timati ndatopa, wadwala, tiyi wazizira, sitolo yatsekedwa. Timanena ndi mneni wosonyeza kuti china chake chachitika ndipo chasiya chinthucho mu mkhalidwe wina. Mukamva Chichewa chotere m'mutu mwanu, dziwani kuti mukufuna estar. Estoy cansado, ndatopa, ndipo ngati ndinu mayi muziti estoy cansada. Mi hijo está enfermo, mwana wanga wadwala. El té está frío, tiyi wazizira. La tienda está cerrada, sitolo ndi yotseka pano. Ndipo ngati munamvapo agogo akunena kuti "ndili kudya" m'malo mwa "ndikudya", ndiye kuti estoy comiendo mwaidziwa kale. Está lloviendo, mvula ikugwa.

Mabuku ambiri amaphunzitsa kuti ser ndi wa zinthu zokhalitsa, estar ndi wa zinthu zakanthawi. Ine lamulo limeneli sindilikonda, ndipo ndikupemphani kuti musalidalire. Madrid está en España: kodi mzinda wa Madrid udzasamuka liti? Koma ndi estar, chifukwa tikunena malo. Mi abuelo está muerto, agogo anga anamwalira: palibe chokhalitsa kuposa imfa, komabe ndi estar, chifukwa ndi mkhalidwe umene munthu wafikamo china chake chitachitika. Nanga soy joven, ndine wachinyamata, kapena soy estudiante, ndine wophunzira? Unyamata umatha, sukulu imathanso, koma ndi ser. Chichewa chanu chikanakuuzani zoona pa zitsanzo zonsezi: Madrid ili, agogo anamwalira, ine ndine.

Kumene kumakoma, komanso kumene anthu amachitira manyazi, ndi pamene mfotokozi m'modzi amalola aneni onse awiri n'kusintha tanthauzo. Mnzathu uja anagwera pamenepa. Taonani aburrido. Estoy aburrido, ndaboweka, ndikusowa chochita. Soy aburrido, ndine munthu wobowa. Mukanena chachiwirichi paphwando, anthu angokuvomerezani n'kuchokapo. Listo nayenso ali choncho: mi hija es lista, mwana wanga wamkazi ndi wochenjera, mi hija está lista, wakonzeka, tinyamuke. Es rico akunena munthu wolemera, pamene está rico akunena chakudya chimene mwalawa n'kupeza kuti chakoma. La manzana es verde ndi apozi wa mtundu wobiriwira, amene amakhala choncho ngakhale atapsa, koma el mango está verde ndi bango losapsa. Es malo ndi munthu woipa mtima, está malo ku Sipeini nthawi zambiri ndi munthu amene wadwala.

Pa bueno samalani kwambiri. Es bueno ndi munthu wabwino. Koma mukauza munthu kuti estás bueno kapena estás buena, m'madera ambiri mwamuuza kuti thupi lake lakukopani. Ngati mukungofuna kudziwa za moyo wake, funsani kuti ¿estás bien?

Palinso kachinthu kena kamene ndimakakonda. Eres guapa ndiye kuti ndiwe wokongola, chibadwire. Estás guapa ndiye kuti watchena, lero ukuoneka bwino. Estar amanyamula zimene maso anu aona kapena lilime lanu lalawa pa nthawiyo. N'chifukwa chake azakhali amene sanaone mwana kwa zaka ziwiri amafuula kuti ¡qué alto estás!, monga ife timanenera kuti "koma ndiye watalikatu!"

Tsopano malo amene Chichewa chingakusocheretseni. Alipo ochepa, koma mudzakumana nawo tsiku lililonse. Ife timati "nthawi ili bwanji?", iwo amati ¿qué hora es? Nthawi ndi ya ser: es la una, ndi 1 koloko, son las tres, ndi 3 koloko. Masiku savuta poti timanena mofanana: hoy es lunes, lero ndi Lolemba. Chovuta kwambiri ndi malo a zochitika. Ife timati ukwati uli kutchalitchi, ndiye dzanja limathamangira estar. Koma ukwati, msonkhano, phwando ndi mayeso si zinthu zoima pamalo, ndi zochitika, ndipo malo ake amanenedwa ndi ser. La boda es en la iglesia, ukwati uchitikira kutchalitchi. La novia está en la iglesia, mkwatibwi ali kutchalitchi. Ngati m'Chichewa mungathe kunena kuti "uchitikira", sankhani ser.

Chomaliza ndi "ndili ndi". Ameneyu si ser, si estar, ndi mneni wina wotchedwa tener. Tengo hambre, ndili ndi njala. Tengo 20 años, ndili ndi zaka 20. Apanso a Chingelezi amapunthwa pomwe ife timangodutsa, bola musalembe estoy con 20 años. Nawo mawu akuti pali, kuli ndi muli, pamene mukunena kuti chinthu chilipo, amamasuliridwa ndi hay: hay agua, madzi alipo. Tener ndi hay tidzawaona bwino m'phunziro lachinayi.

Ntchito yakunyumba ndi iyi. Masulirani ziganizo izi musanayang'ane mayankho: Ndife ochokera ku Zomba. Amayi ali kumsika. Khofi wazizira. Msonkhano uchitikira kusukulu. Mwakonzeka, bambo?

Mayankho ake: Somos de Zomba. Mamá está en el mercado. El café está frío. La reunión es en la escuela. ¿Está listo, señor?

Kenako lembani ziganizo 6 za inu eni, zitatu za ser ndi zitatu za estar, ndipo mubwere nazo Loweruka 9 koloko m'mawa. Aliyense adzawerenga zake mokweza, ndipo tidzayambira kwa mnzathu wa soy cansado uja.